Masekondi 20 pa sitandi: zoyankhula kuti wodutsa aime

Chionetsero cha zamalonda chikafika pa bwalo la ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, anthu a mabizinesi ang'onoang'ono amalowa m'thumba kwambiri. Amalipira malo kwa okonza chionetserocho, omwe ndi bungwe la MCCCI, amalipira galimoto yonyamula katundu, amasindikiza chinsalu cha dzina la bizinesi, ena amasoketsa ndi yunifomu yomwe. Wochokera kutali amafunanso pogona ndi chakudya cha masiku onsewo. Zonsezi zikatheka, katundu n'kuyalidwa bwino patebulo, pamatsala chinthu chimodzi chimene ambiri sachikonzekera n'komwe, chomwe ndi mawu oti anene munthu akamadutsa kutsogolo kwa tebulo lija.

Zimandipweteka mtima kuona mayi amene wavutika chaka chonse kukonza katundu wabwino atakhala chete pampando kuseri kwa tebulo, maso ali pafoni, anthu akungodutsa. Zimapwetekanso kuona mnzake amene waimirira ndithu, akuyankhula ndi mtima wonse, koma womumvera akusuzumira kale ku sitandi yotsatira. Onse awiri ataya ndalama zofanana. Vuto lawo si ulesi kapena kusadziwa ntchito yawo. Palibe anawauza kuti kudzidziwitsa kwa munthu amene ali pa ulendo ndi luso lapadera, losiyana ndi kuyankhula pa msonkhano kapena kucheza ndi kasitomala wa masiku onse.

Nthawi imene muli nayo

Tiyambe ndi kuwerengera. M'zionetsero zambiri sitandi yaing'ono imakhala ya mamita atatu m'litali ndi atatu m'lifupi. Munthu woyenda mwachifatse, akuyang'ana uku ndi uku, amayenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Ndiye kuti kuchokera pamene waponda kumayambiriro kwa malo anu mpaka pamene wakupatsani nkhongo, padutsa masekondi atatu kapena anayi basi. Masekondi 20 amene timanenawa simukhala nawo poyamba. Mumachita kuwapeza, ndipo amene amakupezerani ndi mawu a m'masekondi atatu oyambirirawo. Munthu akaima, wakubwerekani nthawi pang'ono, ndipo ali ndi ufulu woilanda nthawi iliyonse.

Nanga m'masekondi 20 mumalowa mawu angati? Mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi ngati "tingakubweretsereni" limanyamula zimene zinenero zina zimanena ndi mawu anayi kapena asanu, koma limatenganso nthawi kulitchula. Mukamayankhula mosathamanga, momveka, mudzapeza kuti masekondi 20 amakwana mawu a pakati pa 30 ndi 35. Musangokhulupirira zimene ndalembazi. Tsegulani wotchi ya pafoni yanu, werengani mokweza zimene mwakonza, muone pamene nthawi yathera. Anthu ambiri amadabwa kupeza kuti nthawi yatha asanatchule chimene akugulitsa.

Kuthamangitsa pakamwa si mankhwala ake. Pa chionetsero pamakhala phokoso, masipika a makampani akuluakulu akulira mbali zonse, ana a sukulu akuitanizana, jenereta ikugunda kuseri. Mawu othamanga amasowera m'phokosomo. Njira ndi imodzi yokha, kuchepetsa zonena.

Chitsanzo cha chiponde

Tiyerekeze gulu la amayi a ku Mchinji, dera lodziwika ndi ulimi wa mtedza, amene amapanga chiponde n'kumaika m'mabotolo. Abwera ku Chichiri, ndipo atuma mmodzi wa iwo kuti aime pa sitandi. Timutche mai Uje. Mayi wina akudutsa atagwira mwana padzanja, ndipo mai Uje akuyamba motere:

"Muli bwanji amayi? Takulandirani kuno ku malo athu. Ife ndife gulu la amayi lochokera ku Mchinji, tinayamba m'chaka cha 2019 ndi cholinga chotukula miyoyo ya amayi akumidzi kudzera m'mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo timapanga zinthu zosiyanasiyana zapamwamba kwambiri monga..."

Pamenepa masekondi 20 atha. Mawu onsewa ndi oona, ndi aulemu, ndipo mwina ndi omwewo amene anakometsa kalata yopempha thandizo ku bungwe lina. Koma taonani kuti liwu loti chiponde silinatuluke. Mayi wodutsa uja wamva za chaka chimene gulu linayamba, wamva za cholinga chake, koma sanamve chilichonse chokhudza iyeyo ndi mwana wake. Wagwedeza mutu mwaulemu, wanena kuti "tibweranso", ndipo aliyense amene anagulitsapo malonda amadziwa kuti "tibweranso" nthawi zambiri ndi kutsanzika.

Tsopano mai Uje yemweyo ayambe mwa mtundu wina. Waima pambali pa tebulo, m'dzanja muli kasupuni koyera kokhala ndi chiponde pang'ono:

"Takulandirani amayi, lawani chiponde cha ku Mchinji. Ndine mai Uje, timapanga tokha. M'botolomu muli mtedza ndi kamchere basi, mulibe shuga. Mtedza timasankha ndi manja, wachuku timataya. Kunyumba mumapaka pa buledi kapena mumathira m'phala la ana?"

Awa ndi mawu 35, ndipo akanenedwa modekha amatha masekondi 20 asanakwane. Tiwaone bwino chifukwa chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake.

Chiganizo choyamba ndicho cha masekondi atatu aja. Chili ndi moni, chili ndi dzina la katundu, chili ndi kumene wachokera, komanso chikupempha munthu kuti achite kanthu kakang'ono, kosavuta, kosalipira. Munthu sangalawe chiponde akuyenda. Akangotambasula dzanja kulandira kasupuni, miyendo yaima yokha. Ngakhale atakana kulawa, wachoka akudziwa kuti pakona paja pali chiponde cha ku Mchinji, ndipo pobwerera akhoza kupatuka.

Dzina la wogulitsa likubwera pachiwiri, ndipo ena izi zimawavuta kuvomereza. Tinazolowera kuti podzidziwitsa timayamba ndi dzina, mudzi ndi mfumu. Koma munthu amene sanadziwe chifukwa chomvera inu sasunga dzina lanu. Limalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Akalawa kaye, dzina limapeza pokhala, chifukwa tsopano ndi dzina la munthu amene wapanga chinthu chili pa lilime lake. Mawu oti "timapanga tokha" nawo si ongodzazira. Pa chionetsero pamakhala anyamata ndi atsikana ambiri olembedwa ganyu ya masiku ochepa, amene sadziwa zambiri za katundu amene aimirira. Wogula akamva kuti akuyankhula ndi mwini wake, amadziwa kuti funso lililonse liyankhidwa pomwepo, ndipo za mtengo akhoza kukambirana ndi munthu woyenera.

Kenaka pakubwera chimene chikusiyanitsa chiponde ichi ndi cha m'sitolo. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mawu opanda kanthu: chapamwamba, chokoma kwambiri, chamakono, chosayerekezeka. Sitandi iliyonse pa bwalo lonselo ikunena zomwezo, choncho khutu la wodutsa linasiya kale kuwamva. "Muli mtedza ndi kamchere basi" ndi mawu amene munthu angawatsimikize yekha, pa lilime komanso pa chipepala chomata pa botolo. Mfundo yoti munthu angaione, angaigwire kapena kuiwerenga imalemera kuposa mawu khumi otamanda.

Za chuku zikufunika kuzifotokoza pang'ono, chifukwa zikuonetsa malire a zimene munganene. Mtedza ukakololedwa kapena kusungidwa pachinyezi umachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni amene amawononga chiwindi. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga sikumuthetsa yense. Kusankha mtedza ndi manja, kutaya wofota, wobooka ndi wosintha mtundu, kumachepetsa vutoli kwambiri, n'chifukwa chake ndi chinthu choyenera kunyadira. Koma mai Uje wanena zimene amachita, sananene kuti m'chiponde chake mulibiretu poizoni. Zimenezo angazinene pokhapokha chiponde chitayezedwa ku labotale. Chimodzimodzinso ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS. Ngati katundu wanu anavomerezedwa, nenani msanga ndipo lozani chizindikirocho pa botolo, chifukwa kwa eni masitolo akuluakulu imeneyo ndi mfundo yoyamba. Ngati mapepala akadali m'njira, nenani kuti akadali m'njira. Munthu amene mukumunamiza akhoza kukhala wogwira ntchito ku bungwe lomwelo, poti nawonso amayendayenda pa chionetsero. Ndipo inu ogulitsa uchi, ufa wa malambe, chammwamba ndi zina zotero, chonde pewani mawu oti "zimachiza". Chakudya chabwino chigulitsidwe monga chakudya chabwino. Mukalonjeza kuchiza shuga kapena kuthamanga kwa magazi, wina akhoza kusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mawu anu a masekondi 20.

Funso lomaliza

Mbali imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse ndi yomalizira. Mai Uje sanamalize ndi mtengo, sanamalize ndi "gulani". Wamaliza ndi funso, ndipo akafunsa atseke pakamwa adikire.

Cholinga cha masekondi 20 si kugulitsa botolo. Ndi kuchititsa kuti munthu winayo ayambe kuyankhula. Akangoyankha kuti "ana anga amakonda m'phala", zinthu zasintha. Simulinso wolengeza malonda amene akumuchedwetsa, ndinu anthu awiri amene mukucheza za phala la ana, ndipo wotchi ija yasiya kuwerenga. Tsopano mukhoza kutchula kukula kwa mabotolo, mtengo, ngakhale mbiri ya gulu ija ya 2019, poti wafuna yekha kumva.

Koma si funso lililonse limene limagwira ntchito imeneyi. "Mugula?" ndi funso loipa, chifukwa likumukakamiza munthu kuti aweruze asanaganize, ndipo yankho lapafupi ndi "ayi". "Tikuthandizeni?" nalo limayankhidwa ndi "ayi, tikungoona". Funso labwino ndi lija losavuta kuyankha, losachititsa manyazi, lokhudza moyo wa munthuyo osati thumba lake. Lija lopereka mbali ziwiri, buledi kapena phala, limathandiza chifukwa mbali iliyonse imene angasankhe ikupititsa macheza patsogolo. Ngakhale atati "ife timathira m'ndiwo zamasamba", mwapindula, wakuuzani chinthu chimene simumachidziwa.

Kudikirako n'kovuta kuposa mmene kumamvekera. Munthu akakhala chete kwa masekondi awiri, wogulitsa amachita mantha n'kuyambanso kuyankhula, "komanso tili ndi nsinjiro, komanso mtedza wokazinga, komanso ufa wa soya". Apa wadzilanda yekha yankho limene linali m'njira. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Patebulo pakhoza kukhala zinthu zisanu ndi chimodzi, koma m'kamwa mukhale chimodzi, chija chimene chimakoka anthu kwambiri. Zinazo aziona yekha akaima.

Nanga moni uja?

Pali funso limene Mmalawi aliyense angafunse apa. Kwathu kuno suyamba nkhani ndi munthu usanamupatse moni, ndipo moni wathu ndi wobwezerana. "Muli bwanji?" "Ndili bwino, kaya inu?" "Ndili bwino, zikomo." Zimenezi zokha zimadya masekondi asanu, pomwe munthuyo amadutsa m'masekondi atatu. Kodi tisiye ulemu chifukwa cha malonda?

Ayi. Amene angasiye moni kuti apulumutse nthawi adzataya zambiri, makamaka kwa achikulire. Chofunika ndi kusankha moni wosafuna yankho lalitali. "Takulandirani amayi", "Wawa bambo", "Zikomo achimwene, tapatukani pang'ono", onsewa ndi aulemu wokwanira, ndipo amalumikizana ndi chiganizo chotsatira popanda kudikira. Ulemu wambiri umaonekanso m'thupi: kuimirira, kuwerama pang'ono, kupereka chinthu ndi dzanja lamanja lamanzere litagwirizira. Zimenezi sizitenga sekondi ngakhale imodzi. Koma munthu wachikulire akaima n'kukufunsani yekha kuti "muli bwanji mwanawe?", yankhani moni wonse bwinobwino osathamanga. Waima kale ameneyo, palibenso chothamangira.

Samalaninso ndi mmene mukumuitanira munthu. "Amayi" ndi "abambo" salakwika kwa munthu wamkulu, "achimwene" ndi "achemwali" kwa a msinkhu wanu. "Madala" akhoza kukoma pakati pa anyamata koma n'kumukwiyitsa bambo wovala jekete amene wabwera pa ntchito. Mawu ofotokoza thupi kapena maonekedwe a munthu asiyeni kutali. Ndipo musamugwire munthu mkono kapena kumutsekera njira ngati oitanira minibasi pa depoti. Wogwidwa mkono amaganiza za chikwama chake, osati za chiponde chanu.

Si onse odutsa amene ali ofanana

Mawu a mai Uje aja akonzedwera munthu wogula botolo limodzi la kunyumba. Koma phindu lenileni la chionetsero nthawi zambiri limachokera kwa anthu ena ochepa: mwini golosale, wogula katundu wa sitolo yaikulu, woyang'anira khitchini ya sukulu yogonera konko kapena ya hotela. Anthu amenewa amazindikirika. Kawirikawiri amayenda okha kapena awiri, alibe ana, amanyamula kope kapena kabaji pachifuwa, ndipo akatenga botolo amalitembenuza kuti awerenge kumbuyo asanafunse mtengo. Akuyang'ana kulemera kwake, tsiku lothera ntchito ndi chizindikiro cha MBS.

Kwa munthu wotere nkhani ya phala la ana ndi yotaya nthawi. Iye nkhawa yake ndi ina: kodi anthu awa ndikawapatsa oda, adzakwanitsa mwezi ndi mwezi, kapena adzasowa mtedza ukakwera mtengo? Choncho mai Uje akhale ndi mawu achiwiri okonzeratu, ndipo manambala a m'chitsanzochi aliyense aikemo ake:

"Takulandirani bwana. Ichi ndi chiponde cha ku Mchinji, botolo la magalamu 400. Ndine mai Uje, mmodzi wa eni ake. Timapanga mabotolo 300 pa sabata chaka chonse, ndipo timabweretsa tokha ku Lilongwe. Pa shelefu panu chimayenda kwambiri ndi chachikulu kapena chaching'ono?"

Mawu oti "chaka chonse" ndiwo mtima wa zonsezi, ndipo anenedwe pokhapokha ngati ali oona. Mtedza umachuluka pa msika nthawi yokolola, kenaka umasowa ndi kukwera mtengo dzinja likamayandikira. Gulu limene silinasunge matumba okwanira silingapange mabotolo 300 mu Januwale. Ngati ndi choncho, ndi bwino kunena nambala yaing'ono imene mungaikwanitse miyezi yonse kusiyana ndi yaikulu imene munaifika kamodzi mu Julayi. Wogula wa sitolo amakhululuka kuchepa, koma shelefu yake ikakhala yopanda kanthu chifukwa cha inu, sadzakuimbiraninso. Taonaninso kuti mai Uje watchula Lilongwe ngakhale waima ku Blantyre. Kuchokera ku Mchinji kufika ku Lilongwe ndi ulendo wa maola ochepa, koma kukafika ku Blantyre ndi nkhani ina, yofuna kuwerengera bwino za thiransipoti. Akafunsidwa za Blantyre, ayankhe zoona za mtengo wotumizira pa basi, osalonjeza pofuna kusangalatsa.

Gulu lina ndi la ana a sukulu, amene amabwera mwaunyinji atavala yunifomu, aphunzitsi ali pambuyo. Ambiri sagula, ndipo akhoza kumaliza zolawitsa zonse m'mphindi zochepa. Musawakalipire. Auzeni chiganizo chimodzi, apatseni kapepala kokhala ndi nambala yanu kuti akapatse makolo, ndipo muyankhule ndi mphunzitsi. Mwana wamng'ono musamulawitse chiponde musanafunse kholo kapena womuyang'anira, chifukwa pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza moopsa. Kasupuni kalikonse kagwire ntchito kamodzi kokha, ndipo pakhale poonekera potayira togwiritsidwa kale ntchito, kuti wodutsa aone yekha kuti kake ndi katsopano.

Pa tsiku lotsegulira, akuluakulu a boma amayendera masitandi ndi chigulu cha anthu ndi atolankhani. Akaima pa inu, mwina mudzakhala ndi masekondi ochepera 20 omwewo. Nenani chimene mumapanga, kumene mumapangira ndi chiwerengero cha anthu amene amadalira ntchitoyo. Apa ndi pamene mbiri ya gulu ija imagwira ntchito. Chimodzimodzi alendo ochokera kunja, amene chionetsero cha ku Chichiri chimakhala nawo: konzeranitu ziganizo zomwezo m'Chingerezi chosavuta ndipo muziyese pa wotchi, osati kumasulira m'mutu munthu ali patsogolo panu.

Amene alibe cholawitsa

Wogulitsa chakudya ali ndi mwayi, poti lilime limamugwirira theka la ntchito. Nanga telala, wowotcherera zitsulo, woika magetsi a dzuwa? Mfundo yake ndi yomweyo, muikeni munthu chinthu m'manja kapena m'maso. Telala apereke malaya kuti munthu aone msoko wa mkati. Wopanga mbaula zosatha nkhuni ayale milu iwiri ya nkhuni, wina wa pamafuwa wina wa pambaula, ngati anayezadi kusiyanako. Woika magetsi a dzuwa apereke switchi m'manja mwa wodutsa kuti ayatse yekha babu. Ndipo chiganizo choyamba chitchule vuto limene munthuyo amalidziwa, osati dzina la kampani. "Magetsi akazima kwanu ana amawerengera chiyani?" limaimitsa anthu ambiri kuposa dzina lalitali la Chingerezi limene lalembedwa kale pa chinsalu pamwamba panu.

Kudziwa pamene pakulakwika

Ubwino wa chionetsero ndi woti chimatenga masiku angapo, ndiye mawu amene sanagwire ntchito lero akhoza kukonzedwa mawa. Koma kuti mukonze muyenera kudziwa pamene pakudontha. Tengani kope, mujambule mizere itatu: amene mwawayankhula, amene aima, ndi amene agula kapena kusiya nambala ya foni. Muzingoika kachizindikiro pa mzere woyenera. Madzulo kopelo lidzakuuzani zambiri kuposa mmene mukumvera mumtima.

Ngati mwayankhula anthu ambiri koma oima ndi ochepa, vuto lili m'masekondi atatu oyamba. Mwina mukuyamba mochedwa, munthu atafika kale pakati pa sitandi. Muyambe akadali masitepe awiri asanafike, pamene maso ake agwera pa tebulo lanu. Mwina mawu anu sakumveka chifukwa cha masipika a pafupi, kapena tebulo mwaliika kutsogolo ngati mpanda inu muli kuseri. Likankhireni m'mbali kapena m'mbuyo pang'ono kuti muime poyera.

Ngati akuima koma akuchoka musanamalize, mukutalikitsa, kapena pakati pa mawu anu pali zinthu zosawakhudza. Yang'anani mapazi awo. Munthu amene nkhope ili kwa inu koma zala za kumapazi zaloza njira, wanyamuka kale mumtima. Mukaona choncho dumphani zonse mufike pa funso. Ngati akumvetsera mpaka kumapeto koma akufunsa kuti "ndiye mumapanga chiyani kwenikweni?", mawu anu ali ndi zokometsera zambiri kuposa mfundo. Ndipo ngati akucheza nanu bwino koma osagula, vuto silikhalanso la masekondi 20. Likhoza kukhala mtengo, kukula kwa botolo, kapena kuti alibe ndalama m'manja ndipo simunaike poonekera nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Posintha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha moni, funso ndi malo a tebulo tsiku limodzi, zinthu zikayenda bwino simudzadziwa chimene chathandiza.

Pali vuto lina limene limabwera tsiku lachitatu kapena lachinayi. Mawu amene mwawanena kambirimbiri amayamba kumveka ngati ndakatulo yoloweza ku sukulu, maso ali kwina, mawu akutsika ndi kukwera pa malo omwewo. Wodutsa amazindikira msanga kuti sakuyankhula ndi iye. Njira yopewera ndi kusaloweza liwu ndi liwu. Lowezani ndondomeko yokha: moni ndi katundu, dzina, chosiyanitsa, funso. Mawu enieniwo azisintha pang'ono malinga ndi munthu amene ali patsogolo panu. Mukhalenso awiri pa sitandi kuti muzilandirana, ndipo muzimwa madzi pafupipafupi, chifukwa fumbi ndi kukweza mawu tsiku lonse zimasasitsa pakhosi. Mnzanu wolandirana nayeyo ayesere mawuwa kunyumba musananyamuke, wina akuyenda modutsa ngati mlendo, kuti nonse muzinena mfundo zofanana ndi manambala ofanana.

Munthu akayankha funso lija n'kuonetsa chidwi, makamaka wa sitolo, musakhutire ndi kumupatsa kakhadi kanu. Pofika madzulo amakhala ndi timakhadi ndi timapepala todzaza thumba, ndipo tambiri timathera m'bini. Pemphani nambala yake, muilembe m'kope pamodzi ndi mawu awiri atatu okukumbutsani: golosale ya ku Ndirande, akufuna mabotolo aang'ono, muimbireni Lolemba. Madzulo omwewo mutumizireni uthenga waufupi pa WhatsApp wokhala ndi chithunzi cha botolo limene analigwira, dzina lanu ndi mtengo wopikulira, ndipo Lolemba likafika muimbe.